Chinsinsi cha Mayi a Nyemba: Sewero la Munthu Mmodzi Limayenda Bwanji?

Pa siteji pali benchi la mumsika, beseni la nyemba, mbale yoyezera ndi mayi mmodzi wamasiye. Palibe wina amene alowe kudzamuyankha, palibe womutsutsa kapena womutonthoza. Kwa mphindi 15 kapena 20 mayiyu ayenera kugwira holo yonse ndi pakamwa pake pokha, ndipo pomaliza aulule chinthu chimene wakhala akubisa kwa zaka zambiri. Sewero lotere limaoneka lophweka, chifukwa silifuna gulu, silifuna minibasi yonyamula anthu ndi katundu. Koma amene anayesapo kulilemba amadziwa kuti ndi limodzi mwa masewero ovuta kwambiri kuwaimika.

Vuto lake nali. Zisudzo zimene tinazolowera kuno kwathu zimayenda ndi mkangano wa anthu awiri kapena oposerapo. Izeki ankaseketsa chifukwa Jakobo anali pambali pake kumubweza mawu. Masewero a Kwathu Drama Group, a Wakhumbata ya Du Chisiza Jr., a Wanna Do ya Gertrude Kamkwatira, ngakhale amene ana asukulu amapikisana nawo ku ATEM, ambiri mwa iwo amadalira kuti wina anene, wina akane. Ukachotsa munthu wachiwiri uja, mkangano uchokera kuti? Wolemba amene sanayankhe funso limeneli amangotulutsa mayi woima pakati pa siteji akufotokoza mbiri ya moyo wake kuyambira tsiku lobadwa, ndipo pofika mphindi yachisanu anthu ayamba kuyang'ana mafoni.

Yankho lili mumsika momwemo. Mayi wogulitsa salankhula yekha ngati wozungulira mutu. Tsiku lonse amalankhula ndi makasitomala, ndiye mu seweroli makasitomalawo ndi anthu amene akhala pa mipando. Mwalipira pakhomo kuti mudzaonere, koma mayiyu akangokuyang'anani nkunena kuti "Amayi inu, lero ndikuyezereni zingati?" mwalowa kale m'nkhani. Olemba a kwina anapeza njira zawo. Mu sewero la Willy Russell la 1986 lotchedwa Shirley Valentine, mayi amalankhula ndi khoma la khitchini yake. Ife tili ndi mwayi woposa pamenepo, popeza oonera athu sakhala chete ngati khoma. Tinakula ndi nthano zimene wokamba sapitirira mpaka omvera atavomera kuti ali limodzi, ndipo mu holo anthu amayankha, amadzudzula, amakuwa.

Chinsinsi chikhudze amene akuchimva

Apa ndi pamene olemba ambiri amaphonya. Amasankha chinsinsi chachikulu, chochititsa mantha: mayiyu anapha mwamuna wake, kapena mwana wake woyamba ndi wa bambo wina. Ndi zinsinsi ndithu, koma funsani kuti n'chifukwa chiyani akuuza anthu ogula nyemba. Nkhani ya mwana amauza ankhoswe kapena mwanayo. Nkhani ya kupha amauza abusa, ansembe kapena apolisi. Kwa makasitomala munthu amaulula chinthu chimene makasitomalawo ali nacho mbali, chimene akachimva adzifunse kuti kodi ifenso tinachitapo chiyani.

Tiyeni tipange chitsanzo chathu, tichiyendetse mpaka kumapeto. Mayi wathu alibe dzina pa siteji. Onse amangomutchula kuti Mayi a Nyemba, monga zimakhalira mumsika kuti munthu amadziwika ndi malonda ake. Mwamuna wake, amene anali kalipentala, anamwalira mu 2009. Maliro atatha, achibale a malemu anatenga bedi, wailesi, njinga ndi zipangizo za ukalipentala. Zimenezo zinachitikadi, ndipo msika wonse unaona. Koma m'nyumbamo munalinso K85,000 imene malemu ankasunga kuti adzagulire malata. Usiku wa tsiku limene mwamuna wake anamwalira, anthu asanadzaze pa siwa, mayiyu anatenga ndalamazo nkuzikwirira pansi pa thumba la nyemba. Akuluakulu atafunsa pa bwalo la banja kuti ndalama za malata zili kuti, iye anayankha mawu ochepa chabe: "Funsani alamu, ndi amene analowa kuchipinda."

Mlamu ameneyu ankakonza njinga pa geti la msika womwewo. Mbiri inafala kuti anabera mayi wamasiye. Anthu anasiya kumupatsa ntchito mpaka anasamuka. Amayi a mumsika ndi makasitomala anasonkha ndalama yoti mnzawo ayambirenso geni, ndipo ambiri analumbira kuti nyemba azigula kwa iye yekha. Mpamba wa benchi lija, ndiye kuti, unachokera kuwiri: ku ndalama zobisidwa ndi ku chifundo cha anthu onamizidwa.

Taonani mmene chinsinsi chimenechi chimagawira holo. Kubisa ndalamazo anthu ambiri sangamuimbe nako mlandu. Kulanda chuma cha masiye ndi nkhanza yodziwika, ndipo lamulo la chuma cha masiye limene linaikira mchitidwewu chilango chokhwima linabwera mu 2011, patapita zaka ziwiri chimwalirireni mwamuna wa mayi wathu. Mayi aliyense amene anaona katundu akutuluka m'nyumba ana akuyang'ana adzati anachita bwino. Koma bodza lija linagwera munthu wosalakwa, ndipo amene anamulanga ndi makasitomala omwewa. Iwo ndi amene anamunyanyala, iwo ndi amene anamutcha mbava. Mayiyu akaulula, sakungodziimba mlandu yekha, akuwauzanso kuti chifundo chawo chinapweteka munthu. Ine ndimati chinsinsi chabwino cha pa siteji ndi chimene theka la holo likhululuka, theka lina likana, ndipo onse atuluka akukangana.

Chaka ndi ndalama zikhalenso zolondola, chifukwa oonera achikulire amawerengera. Mu 2009 ndalama yapepala yaikulu kwambiri inali K500. Ya K1,000 inabwera mu 2012. Choncho K85,000 inali mapepala 170, mpukutu wosakwana m'mfundo ya chitenje, n'chifukwa chake thumba la nyemba likufunika. Wolemba akalakwitsa nkuika mapepala a K5,000 m'manja mwa mayi wa mu 2009, wina kumbuyo afuula, ndipo chidwi chathera pomwepo.

Chifukwa chiyani lero?

Munthu amene wasunga chinthu zaka zoposa khumi saulula chifukwa choti kwacha. Payenera kuchitika kanthu tsiku lomwelo kapena dzulo lake. Olemba ofulumira amathamangira ku maloto kapena ku matenda: malemu anabwera kutulo, kapena adokotala anena kuti masiku atha. Zimagwira, koma taziona kambirimbiri, ndipo zimachitikira kutali ndi benchi. Mu chitsanzo chathu chochititsa chili pafupi. Mmawa womwewo mtsikana wina anabwera kudzagula nyemba za theka la mbale, ndipo kasitomala wakale anamuzindikira nkunena mokweza kuti, "Uyu si mwana wa mbava ija?" Mtsikanayo, mwana wa mlamu uja, anasiya nyemba ndi ndalama yake pa benchi nkuthawa. Seweroli likuyamba ndalama ya mtsikanayo ikadali pomwepo, mayi wathu asanaikhudze.

Ndalama imeneyo ndi yofunika kuposa mawu zana. Imauza wochita sewero koyang'ana ndi kopewa kuyang'ana. Imapatsanso mayiyu chinthu chimene akufuna kwa omvera ake, ndipo popanda chofuna sewero siliyenda. Sakufuna kungopepukidwa mtima. Akufuna kuti anthu awa asiye kutchula mwana uja mwana wa mbava, koma akufunanso kuti mawa adzabwere kudzagula. Zofuna ziwirizi zikulimbana, ndipo mkangano umene tinkausowa uja ndi umenewu.

Mmene mawu amayalidwira

Mphindi zoyamba zikhale za malonda enieni. Mayiyu aseketse, anenerere, akane ngongole, aonjezere basela. Anthu amukonde kaye asanakhale ndi chifukwa chomuda. Angayambe chonchi:

"Bwerani, bwerani, za nanyati izi, zosavuta kupsa, makala a K500 zapsa. Achimwene, musapitirire, ndakuonani. Ya sabata yatha ija simunabweze, koma sindikukumbutsani ayi, ndangokupatsani moni."

Mawu otere amakhazikitsa zinthu zingapo nthawi imodzi mosauza munthu: kuti ndi wakale pamsika, kuti amadziwa aliyense, kuti lilime lake ndi lakuthwa. Palibe chifukwa choti anene kuti "ine ndine mayi wamasiye, amuna anga anamwalira mu 2009." Makasitomala ake akudziwa kale, ndipo munthu sauza anzake zimene akudziwa. Oonera azimva kudzera m'mbali, monga pamene akukumbutsa mayi wina kuti, "Inu simunali m'gulu lija munasenza nkhuni pa maliro a bambo a kunyumba?"

Kenako ayese kuulula, alephere. Ili ndi gawo limene ndimaona kuti limafuna nthawi yambiri polemba, ndipo ndi limene limasiyanitsa sewero ndi ulaliki. Munthu weniweni safika pa choonadi molunjika. Amayamba, amaopa, amathawira ku nkhani ina. Mayi wathu angayambe kuti, "Za mwana uja wabwera mmawa uja..." kenako aone kasitomala watsopano nkumuthamangira ndi chisangalalo chopitirira muyeso. Ulendo wachiwiri afike pafupi, anene kuti alamu aja sanali munthu woipa kwenikweni, kenako adziteteze yekha: awerenge zimene zinatengedwa, bedi, wailesi, njinga, mpaka mkwiyo wakale umubwerere, aiwale kuti amafuna kupepesa. Oonera apa ayamba kununkhiza kuti pali kanthu. Ena ayamba kunong'onezana. Zimenezo n'zabwino. Cholinga si kuwadzidzimutsa, koma kuti afike pa choonadi kamphindi kochepa mayiyu asanachitchule, kuti akamachitchula iwo akhale akumudikira.

Manja asaleke ntchito nthawi yonseyi. Akusankha nyemba, akuchotsa timiyala, akuyeza, akuthira mu jumbo. Pali chizindikiro chimodzi chimene wotsogolera sewero angagwiritse ntchito osanenapo liwu: poyamba mayiyu amayeza mbale nkuisalaza ndi dzanja, basela nkukhala kakang'ono. Pamene mtima ukumuvuta, basela likukula, mbale ikusefukira, mpaka akuthira nyemba mosawerenga kwa munthu amene sanapemphe. Aliyense amene anagulapo mumsika adziwa kuti wamalonda wotere zinthu sizili bwino.

Kuulula kwenikweni kukhale kwakufupi, kwa mawu wamba. Apa wolemba aletse dzanja lake, chifukwa chiyeso chothira miyambi ndi mawu okometsera chimakhala chachikulu. Mayiyu aleke kuyeza, apukute manja pa chitenje, amasule mfundo, atulutse K500 yakale ija yaikulu, imene masiku ano singagule kanthu. Anasunga imodzi yokha.

"Iyi ndi ya malata. Zinalipo 170. Alamu sanatenge. Ndinatenga ndine, ndinaika pansi pa thumba ngati ili. Inu munasonkha, ine ndinalandira, ndinathokoza. Amayi, munandipatsa chitenje chanu tsiku lija. Bambo, inu munachotsa njinga yanu m'manja mwawo ili yomasula. Ndinaona. Ndinakhala chete."

Onani kuti mawu akuti "pepani" sanatuluke. Angabwere pambuyo, kapena asabwere konse. Chimene chikupweteka ndi kutchula anthu mmodzimmodzi ndi zimene anachita, chifukwa tsopano aliyense wokhala pa mpando wapatsidwa gawo lake.

Pambuyo pa mawu amenewa pakhale chete, ndipo wochita sewero asaope cheteyo. Ongoyamba kumene amathamangira mzere wotsatira chifukwa masekondi asanu pa siteji amaoneka ngati ola. Koma nthawi imeneyi ndi ya oonera. Ndi pamene wina amati "Ii, mayi inu!", wina "Munachita bwino!", wina nkumutsutsa.

Holo ikayankha

Kuyankha kwa anthu ndi mphamvu ya seweroli komanso ngozi yake. Wochita sewero akonzekere mayankho awiri kapena atatu a m'khalidwe la mayiyu, oti akaponya abwerere msanga pa mzere wake. Wina akafuula kuti "Mfiti!", angayankhe modekha kuti, "Nenani, achimwene, lero ndi tsiku lanu," nkupitiriza. Choopsa ndi kukomedwa. Anthu akaseka, wochita sewero amafuna kuonjezera nthabwala, ndipo nthabwala iliyonse yoonjezera pambuyo pa kuulula imachepetsa kulemera kwa zimene zanenedwa. Kuseketsa kuli ndi malo ake, ku chiyambi. Kuseka kumene kumabwera pakati pa kuulula nthawi zambiri si kunyoza, ndi anthu amene asowa pogwira, ndipo kumatha kokha ngati wochita sewero sakudyetsera.

Posankha "makasitomala" m'gulu la oonera, asankhe anthu atatu kapena anayi okhala m'malo osiyana, kumanzere, pakati, kumanja, ndipo aziwabwerera omwewo. Akamayang'ana uku ndi uku mosakhazikika, msika umasungunuka, amangooneka ngati wolankhula pa msonkhano. Asawakokere pa siteji, asawafunse funso lofuna yankho lalitali. Ndipo mzere wa njinga yomasula uja aupereke kwa bambo amene anaseka naye poyamba, osati kwa munthu amene akuoneka kuti zamukhudza kale. Mu holo iliyonse mumakhala amayi amene analandidwadi katundu, ndipo si bwino kuwaloza chala.

Za kulira, maganizo anga ndi akuti misozi ichedwe, kapena isabwere. Mayi amene wapirira zaka zonsezi, kudzuka mbandakucha kukapikula, kulipira chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku, kuphunzitsa ana, si munthu wolira msanga pagulu. Wochita sewero akayamba kusisima pa mphindi yachitatu, wauza kale anthu kuti amumvere chisoni, ndipo sangathenso kumuweruza. Komanso mawu olira samveka kumbuyo kwa holo, makamaka m'maholo a sukulu ndi a tchalitchi amene denga lake ndi la malata ndipo mulibe zokuzira mawu. Kulimbana ndi misozi kumaoneka patali kuposa misozi yeniyeniyo.

Kudziwa ngati lagwira

Njira yoyesera ndi yosavuta. Musanapite nalo pagulu, itanani anthu ochepa amene sanawerenge, makamaka amayi ochita geni, aonere. Pomaliza musawafunse ngati lawasangalatsa, chifukwa mwaulemu adzati eya. Afunseni kuti anazindikira pati kuti mayiyu ndiye anatenga ndalama. Akati pa chiyambi pomwe, mwaulula msanga, chepetsani kuyang'ana ndalama ya mtsikana ija. Akati sanayembekezere mpang'ono pomwe, ndiye kuti maulendo olephera aja ndi ofooka, ndipo kuulula kukugwa ngati kwachokera kumwamba. Afunseninso kuti mayiyu amafuna chiyani kwa iwo. Akayankha kuti amafuna kuwaphunzitsa kuipa kwa bodza, mwalemba ulaliki, bwererani. Amayi a geniwo adzakuuzaninso zimene wolemba wokhala pa tebulo sangadziwe: kuti mbale sagwira choncho, kuti ndalama ya kasitomala woyamba saisiya poyera, kuti mtengo mwatchulawo ndi wa chaka chatha. Mitengo isinthidwe nthawi iliyonse seweroli likamachitika, koma ndalama za mu 2009 zisakhudzidwe.

Utali muuyeze ndi wotchi, wochita sewero akulankhula mokweza ndi manja ali pa ntchito, osati powerenga masamba chamumtima. Kuyeza nyemba, kudikira kuseka ndi chete uja zimadya nthawi yambiri kuposa mmene pepala limaonetsera. Likapitirira mphindi 20, choyamba kudula ndi mbiri ya ukwati wake, imene olemba amaikonda koma makasitomala saifuna.

Pali malire ena amene ndi bwino kuwavomereza. Mlamu uja sadzamveka. Zonse zimene tikudziwa za iye tikuzimva kwa munthu amene anamunamizira, ndipo sewero la munthu mmodzi silingathe kumupatsa pakamwa. Wolemba wanzeru amagwiritsa ntchito kusowa kumeneku: mayiyu atchule kuti mlamuyo sanabwere kudzamutsutsa ngakhale tsiku limodzi, ndipo iye sakudziwa chifukwa chake. Kodi ankadziwa nkusankha kuteteza ana a mchimwene wake? Funso limenelo lisiyidwe lotseguka.

Mathero nawo asakhale a chikhululuko, chifukwa okhululuka ndi oonera, ndipo wolemba sangawalembere mawu. Mabungwe amene amalipira masewero ophunzitsa anthu amakonda kuti pomaliza pakhale uthenga womveka, wina atchule lamulo, wina alonjeze kusintha. Pa seweroli zimenezo zikhale za zokambirana za pambuyo, siteji itatsekedwa. Mayi wathu amalize ndi ntchito: ayeze theka la mbale, amange jumbo, aikemo ndalama ya mtsikana ija, afunse kuti ndani akudziwa kumene alamu akukhala masiku ano. Kenako ayang'ane holo nkufunsa funso lake la tsiku ndi tsiku, lakuti ndani akugula.

Magulu a zisudzo a m'sukulu ndi m'matchalitchi amene amadandaula kuti alibe ndalama ya zovala ndi mayendedwe angayambe ndi sewero ngati ili. Zofunika ndi benchi, beseni, mbale, nyemba makilogalamu awiri kapena atatu, ndi mayi mmodzi wodziwa kuloweza. Koma musanalembe mzere woyamba, pitani mukakhale tsiku lathunthu pambali pa benchi la nyemba ku Limbe, ku Lizulu kapena pamsika wa kwanuko, mupemphe chilolezo kwa mwini wake, mumvetsere mmene amalankhulira ndi anthu.